Fani yotchaja ija: tigule kapena ayi, ndipo mu vidiyo ndinene chiyani?

Wojambula wa ku Mpondasi: Abale, ndithandizeni. Ndagwiritsa ntchito fani yotchaja kwa masabata atatu, ndinagula ndekha ndi ndalama zanga. Pakatoni analemba kuti imazungulira maola 8 magetsi atazima. Ndayesa katatu ndili ndi wotchi. Pa sipidi yayikulu imatha ola limodzi ndi mphindi 50, pa yaying'ono maola 5 ndi theka. Ndikufuna kujambula vidiyo ya mphindi imodzi ndi theka, ndipo mawu oyamba ndalemba chonchi: "Moni nonse, lero ndakubweretserani fani yabwino yothandiza pa kutentha kwathu kuno." Zoipa zake ndaziika kumapeto. Koma mtima sukuvomera.

Mnyamata wa kabaza ku M'baluku: Zili bwino choncho achemwali. Zoipa zikhale kumapeto komweko. Mukayamba ndi kunyoza, munthu angoti basi ndamva, n'kupitirira. Ife timaonera ndi bando yowerengera.

Aphunzitsi a ku Chimwala: Pa bando mwanena zoona achimwene, koma n'chifukwa chakenso zoipa zisakhale kumapeto. Ambiri safika kumapeto. Munthu aonera masekondi 20 otamanda, apita kukagula, usiku fani izima asanagone n'komwe. Mawa akakumana nanu pamsika, akuonani ngati wotsatsa malonda. Ndiponso moni wautaliyo ndi amene amathamangitsa anthu, osati choipa. Ine ndikanayamba ndi wotchi.

Wojambula wa ku Mpondasi: Wotchi bwanji, aphunzitsi?

Aphunzitsi a ku Chimwala: Chithunzi choyamba: katoni, chala chanu chili pa maola 8 aja. Chachiwiri: foni ikuonetsa 9 koloko usiku, mukuyatsa. Chachitatu: mapiko akuima, foni ikuonetsa 10:50. Mawu anu akhale ochepa: "Katoni ikuti maola 8. Kwanga yazima 11 koloko isanakwane. Koma sindinaibweze kusitolo, ndipo ndikuuzani chifukwa chake." Munthu wamva choipa chachikulu m'masekondi 10, koma mwamusiyira funso. Akhala kuti amve chimene mwaisungira.

Mayi a ku Makawa: Pepani, mukugulitsa zingati? Ndikufuna ziwiri, ina ya agogo.

Wojambula wa ku Mpondasi: Sindikugulitsa mayi, ndikungofuna kuuza anthu mmene ndaionera. Dikirani kaye mumve, mwina musintha maganizo.

Okonza mawailesi pa Boma: Mwana wanga, tatembenuza faniyo, uwerenge zolembedwa pa batire. Izi zimabwera kwanga kawirikawiri.

Wojambula wa ku Mpondasi: Palembedwa 6V 4.5Ah, bambo.

Okonza mawailesi pa Boma: Ndiye palibe chodabwitsa. Uchulukitse 6 ndi 4.5, upeza 27. Ndiwo mphamvu yonse imene batireyo ingasunge, ngati madzi a mu ndowa. Fani ikamakoka mawati 12 pa sipidi yayikulu, ugawe 27 ndi 12, upeza maola awiri ndi pang'ono. Batire ya mtundu umenewu siitulutsa zonse ukaikoka mwamphamvu, n'chifukwa chake iwe wapeza ola ndi mphindi 50. Kuti ikwane maola 8, iyenera kukoka mawati atatu ndi pang'ono basi, kamphepo kongosisita. Ndiye fani yako si yoonongeka ayi. Ndi mmene inapangidwira. Zimenezi uzinene, chifukwa wina aganiza kuti iwe unangotola yakufa, iye akapeza yabwino.

Mnyamata wa kabaza ku M'baluku: Masamu amenewo mu vidiyo? Anthu athawa, bambo.

Okonza mawailesi pa Boma: Sindikuti aphunzitse kalasi. Chiganizo chimodzi: "Musanagule, muone nambala ziwiri za pa batire, muzichulukitse, mukapeza yocheperapo 30, musayembekezere kuti pa sipidi yayikulu ikufikitsani m'bandakucha." Woonera watolapo chinthu choti akagwiritse ntchito pa fani iliyonse, ngakhale si yomweyi.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa n'china. Masabata atatu ndi ochepa. Mabatire a mtovu ngati amenewa sakonda kuphwetsedwa mpaka kutheratu usiku uliwonse, sakonda kugona osatchajidwa, ndipo kutentha kumawafupikitsa moyo. Kuno zonse zitatu zimakumana mu Okutobala ndi Novembala. Fani zimene amandibweretsera, mota imakhala ili bwinobwino, chafa ndi batire. Chizindikiro chake, imaonetsa kuti yadzaza msanga kuposa kale, koma ukaiyatsa mphindi zochepa yafooka.

Wojambula wa ku Mpondasi: Ndiye ndidikire miyezi itatu? Kutentha kudzakhala kutapita, anthu atagula kale.

Aphunzitsi a ku Chimwala: Musadikire. Mungonena poyera kuti mwakhala nayo masabata atatu, za kukalamba kwa batire mudzabweranso nazo mu Januwale ndi wotchi yomweyo. Munthu amakhulupirira amene wanena pamene maso ake alekezera.

Okonza mawailesi pa Boma: Ine pamenepo sindikuvomereza kwenikweni. Vidiyo yoyamba ndi imene imayenda m'mafoni, yachiwiri aione ndani? Chenjezo la batire lilowe m'yoyambayi, ndipo aonetse kuti chitseko chake chimatsekuka ndi sikuludiraiva, batire n'kusinthidwa. Zina zimabwera zomata, zimenezo ikafa batire mavuto.

Mayi a ku Makawa: Ine zanga n'zosiyana. Mwana wanga wa miyezi 7 amalira ndi thukuta mpaka ndimatuluka naye pakhonde, kumene kuli udzudzu. Akangogona m'maola awiri oyambawo, zatheka. Funso langa, mphepo imalowa mu neti? Ndinabwerekapo ina kwa aneba, ili kunja kwa neti simamveka n'komwe.

Wojambula wa ku Mpondasi: Mayi, mwandikumbutsa chimene ndinaisungira! Pa sipidi yaying'ono ili kunja kwa neti, mphepo siifika. Koma ndi yaing'ono, ndimaiika m'kati chakumiyendo, ndipo pamenepo maola 5 ndi theka aja amandikwanira kugona. Ndipachika kansalu kopyapyala m'kati mwa neti, ndijambule fani ili kunja, kenako ili m'kati, anthu aone okha kugwedezeka kwake. Kwa inu amene muli ndi khanda, ikhale patali pomwe sangafikire, mipata ya waya wake chala cha mwana chimalowa.

Aphunzitsi a ku Chimwala: Apo ndiye vidiyo yaima. Wotchi poyamba, neti pakati, kenako munene mosazungulira amene angagule ndi amene asataye ndalama. Mawu oti "ili ndi ubwino ndi kuipa kwake" musawanene, sathandiza aliyense. Mutchulenso kuti munagula nokha, mtengo ndi mwezi umene munagula, poti mitengo siikhazikika. Ndipo mukhale chete masekondi atatu, foni ili pafupi, anthu amve phokoso lake.

Mlimi wa ku Namwera: Kwathu kumtunda kuno usiku kumazizirirako, ine sindingagule. Ndalama imeneyo bola kuwonjezera pa sola. Kodi imatheka kutchaja ndi panelo? Kumudzi kuno magetsi kulibe.

Okonza mawailesi pa Boma: Zina zili ndi pobayira pa sola, zina ayi. Ndipo osangolumikiza panelo ya batire ya 12V pa batire ya 6V, muiphika. Mwana wanga, yang'ana kumbuyoko, ngati pobayira palibe unene, chifukwa oonera ako ambiri a m'mbali mwa nyanja funso lawo likhala lomweli.

Wojambula wa ku Mpondasi: Palibe, bambo, ndi ya pakhoma yokha, ndipo kudzaza imatenga pafupifupi tsiku lonse la ntchito. Ndiye mawu otsiriza akhala akuti: amene ali ndi magetsi masana ndipo akufuna yoika mu neti, angagule, wofuna kuziziritsa chipinda chonse mpaka kucha, kapena wopanda magetsi, asagule.

Mnyamata wa kabaza ku M'baluku: Ine ndikuonabe kuti kugula chinthu choti batire uzidzasinthanso n'kugula kawiri. Komanso mwini sitolo akaiona vidiyoyo sadzakupatsaninso moni.

Mayi a ku Makawa: Ine ndigula imodzi kaye, ya mwana. Ya agogo ndidikira za mu Januwale zija. Bambo a mawailesi, ndikabwera ku Boma Loweruka ndidzadutsa nayo kwanu muione batire ndisanakwere nayo minibasi.