Wapampando akufuna ndichotse m'maminitsi nkhani yotsutsa chigamulo chake

Mlembi wa kopaletivu ya alimi:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pamsonkhano waukulu wa pachaka panabwera ganizo lokweza ndalama ya umembala kuchoka pa K5,000 kufika pa K8,000. Membala wina anaima pa poyinti ofu oda, kutanthauza kudandaula kuti ndondomeko sikutsatidwa, nati ganizolo likusintha malamulo a bungwe, ndipo ndime 27 imafuna kuti mamembala adziwitsidwe masiku 21 msonkhano usanachitike. Wapampando anagamula kuti ndalamayo sinalembedwe m'malamulo, imakhazikitsidwa ndi msonkhano waukulu malinga ndi ndime 9, choncho chidziwitso sichikufunika. Membalayo anatsutsa chigamulocho, wina anamusekonda. Wapampando anapereka mpando kwa wachiwiri wake, anthu anavota pokweza manja: 38 mbali iyi, 38 mbali inayo, atatu sanavote. Wachiwiriyo anati chigamulo chikhala momwemo. Tsopano wapampando akuti ndingolemba kuti "atakambirana, msonkhano unavomereza K8,000". Nditani?

Mlembi wa komiti ya sukulu:
Musachotse kanthu mayi. Lembani zonse monga zinayankhulidwira, liwu ndi liwu, ngakhale pamene anakwezerana mawu. Ku Nyumba ya Malamulo amatero, n'chifukwa chake palibe amene amakana zimene ananena.

Kalaliki wa khonsolo wopuma:
Aphunzitsi, zoti asachotse mwalondola, koma za liwu ndi liwu ayi. Chimene mukunenacho ndi Hansadi, ndipo ili ndi anthu ake ojambula mawu. Maminitsi amasunga zimene msonkhano unachita. Mukalembamo kuti wakutiwakuti anakalipa kapena ananyoza, pamsonkhano wotsatira anthu adzakangana za mawuwo m'malo movomereza maminitsi, ndipo mlembi ndiye adzaoneka kuti ali ndi mbali.

Koma poyinti ofu oda ndi chinthu chimene msonkhano unachita, chifukwa chigamulo cha wapampando ndicho chinatsegula njira kuti ganizo la K8,000 livoteredwe. Mukachichotsa, wowerenga chaka chamawa sadzadziwa kuti funso la ndime 27 linafunsidwa ndi kuyankhidwa. Membala yemweyo akakadandaula kwa mkulu wolembetsa makopaletivu kapena kukhoti, chiganizo chakuti "atakambirana" sichidzateteza bungwe, ndipo wapampando mwiniwakeyo ndiye woyamba kusowa umboni woti anatsata ndondomeko. Muuzeni zimenezi mwaulemu.

Ine ndikadalemba motere, pamalo pomwe zinachitikira, pakati pa kuperekedwa kwa ganizo ndi voti yake:

"7.2 Membala wakuti anadzutsa poyinti ofu oda yakuti ganizoli likusintha malamulo a bungwe ndipo silinalengezedwe masiku 21 msonkhano usanachitike monga ikufunira ndime 27. Wapampando anagamula kuti mfundoyo siyoona, chifukwa ndalama ya umembala imakhazikitsidwa ndi msonkhano waukulu pansi pa ndime 9.

7.3 Membala wakuti, mosekondedwa ndi membala wakuti, anatsutsa chigamulocho. Wapampando anachoka pampando ndipo wachiwiri wake anatsogolera. Funso linafunsidwa motere: ... Ovomera 38, okana 38, osavota 3. Wachiwiri kwa wapampando analengeza kuti chigamulo chikhala momwemo. Wapampando anabwerera pampando."

Chifukwa chimene wapampando anapereka chisasowe, ndipo chikhale chomwe ananena tsiku limenelo. Asakupatseni china chokonzedwa bwino atagona nacho. Pamene ndaika madonthopo ndi pomwe pali funso langa: wachiwiriyo anafunsa bwanji? Anati "amene akugwirizana ndi chigamulo akweze manja", kapena "amene akufuna chigamulo chithetsedwe"?

Mlembi wa kopaletivu ya alimi:
M'kope langa ndinalemba kuti "ogwirizana ndi chigamulo cha wapampando". Kodi pali kusiyana, poti manambala ndi ofanana?

Kalaliki wa khonsolo wopuma:
Kusiyanako kumaonekera pomwe manambala afanana. Mwambo wa misonkhano m'mabungwe ambiri ndi wakuti chigamulo cha wapampando chimakhalabe mpaka ochikana atachuluka kuposa ochivomera, kotero 38 kwa 38 sichigwa. Koma onani m'malamulo anu ngati muli ndime yakuti ganizo lililonse limene mavoti afanana lagwa. Ngati ilimo, wotsutsayo atha kunena kuti funso linali loti chigamulo chivomerezedwe, silinapambane, ndiye chigamulo chagwa. Funso likadakhala loti chigamulo chithetsedwe, ndime yomweyo ikadathandiza wapampando. N'chifukwa chake mawu a funso ndi malo amodzi m'maminitsi pomwe timakopera ndendende. Lembani monga muli m'kope lanumo, musawatembenuze kuti zinthu zioneke zosalala, ndipo kopelo mulisunge.

Mlembi wa nthambi ya bungwe la ogwira ntchito:
Kwathu nkhaniyi sikadavuta. Malamulo athu amati chigamulo cha wapampando chimathetsedwa pokhapokha magawo awiri mwa atatu a ovota atachikana. Pa anthu 76 ovota pakadafunika 51. Ndiye mayi, ingolembani kuti otsutsa sanafike pa chiwerengero chofunika, nkhani yatha. Komanso bwanji wachiwiriyo sanaponye voti yodula mkangano?

Mlembi wa kampani:
Achimwene, lamulo limenelo ndi la bungwe lanu. Mayiwa sangalembe chiwerengero chimene malamulo awo satchula. Za voti yodula mkangano, ilipo pokhapokha malamulo ataipereka kwa wotsogolera msonkhano, ndipo ngati sanaiponye, mlembi sangamuponyere papepala. Chimene ndingawonjezere n'chakuti manambala azigwirizana ndi kaundula wa opezekapo. 38 ndi 38 ndi 3 ndi 79. Ngati analembetsa ndi 81, awiriwo ndi wapampando ndi wachiwiri wake, ndipo mulembe kuti sanavote. Ngati analembetsa ndi 95, wina adzafunsa komwe kunali enawo, choncho lembani kuti panthawi yovota m'chipindamo munali anthu angati, ngati munawerenga. Pa voti yofanana chonchi, dzanja limodzi losawerengedwa limasintha zonse, ndiye tchulaninso amene anawerenga manja.

Za pempho la wapampando: iye atha kuona maminitsi asanatumizidwe ndi kuloza zolakwika, koma owavomereza ndi msonkhano. Akaumirira, apereke kusinthako pa gawo lovomereza maminitsi, anthu avote, ndipo kusinthako kulembedwe m'maminitsi a tsikulo. Pagawo limeneli funso limakhala loti zolembedwazo n'zoona kapena ayi. Si mpata wozengeranso ngati ndime 27 inaphwanyidwa.

Mlembi wa komiti ya sukulu:
Ndamva za liwu ndi liwu. Nanga dzina la wodzutsa mfundoyo? Kumudzi kuno munthu akalembedwa kuti anatsutsa wapampando, amaoneka ngati woukira, ndipo ena amaleka kuyankhula pamisonkhano.

Kalaliki wa khonsolo wopuma:
Ine ndimalemba dzina. Kutsutsa chigamulo ndi ufulu wa membala, ndipo dzinalo limasonyeza kuti wotsutsa ndi womusekonda anali mamembala oyenera kuvota. Anthu 38 okana aja ndiwo osalembedwa mayina, pokhapokha wina atapempha yekha kuti kukana kwake kulembedwe.

Mlembi wa kampani:
Apa ndisiyana nanu pang'ono bambo. Pa kutsutsa chigamulo ndikuvomera, mayina awiriwo alembedwe. Koma pa poyinti ofu oda wamba, monga yoti wina wapyola nthawi yoyankhula, "membala wina" n'zokwanira, ndipo zina zotere sizifunika n'kulembedwa komwe ngati sizinakhudze ganizo lililonse. Chachikulu mayi, onani momwe maminitsi anu a m'mbuyo amachitira, kuti musatchule dzina la munthu mmodzi yekhayu pamene ena simunawatchulepo.

Mlembi wa kopaletivu ya alimi:
Zikomo nonse. Ndayang'ana, ndime 31 ikuti mavoti akafanana ganizo lagwa, ndipo za kutsutsa chigamulo malamulo athu sakunenapo chilichonse. Ndilemba 7.2 ndi 7.3 monga mwanenera, ndi mawu a funso monga ndinawamvera. Ngati wachiwiriyo analengeza molondola kapena ayi, ndikapempha komiti ifunse kwa alangizi a makopaletivu tisanayambe kutolera K8,000.