Abusitirakiti yanga yalandiridwa, zikomo

Za abusitirakiti, chomwe ndi chidule cha pepala la kafukufuku, ndinafunsa kuti: "Abusitirakiti yanga ndi ndime imodzi ya mawu 420, koma magazini ikufuna mawu 250 pansi pa mitu ya Background, Methods, Results ndi Conclusion. Ndiyambire pati?"

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinatsatira malangizo oti ndisayambe n'kudula, koma chiganizo chilichonse ndichiike kaye pansi pa mutu wake. Nditatero vuto linaonekera poyera: mawu 230 anali a chiyambi chokha, pomwe pa zotsatira panali chiganizo chimodzi chopanda ngakhale nambala. Chiyambicho ndinasiyapo ziganizo ziwiri, cha vuto ndi cha cholinga. Malo otsalawo ndinaikapo chiwerengero cha odwala amene tinawafunsa ndi zimene tinapeza.

Mkonzi anaibweza kamodzi chifukwa pomaliza ndinatchula mfundo yomwe pa zotsatira panalibe. Nditaichotsa anailandira.