Ndilembe chiyani pa mbiri ya malemu achimwene anga?

Wofunsa: Akuluakulu, achimwene anga atisiya dzulo usiku, ndipo abanja andipatsa ntchito yolemba mbiri yawo yoti iwerengedwe pamaliro mawa. Ankamwa ma ARV kwa zaka zambiri koma anawasiya, kenaka anadwala mutu waukulu womwe unawaumitsa khosi, ndipo anagonekedwa m'chipatala masabata awiri. Alamu anga apempha akulira kuti za kachilomboko zisatchulidwe, chifukwa anthu akangomva adzayamba kuwaloza chala iwo ndi ana. Sindikufuna kunama pamaso pa bokosi, komanso sindikufuna kuulula chinsinsi. Kodi ndilembe chiyani?

Mlembi wa mpingo: Pepani ndi zovutazi. Lembani zimene aliyense anaona ndi maso: tsiku limene anayamba kudwala, tsiku limene anagonekedwa, ndi tsiku limene anamwalira. Mwachitsanzo: "Malemu anayamba kudandaula mutu kumayambiriro kwa mwezi uno, anagonekedwa m'chipatala masabata awiri, ndipo madokotala anayesetsa koma Lachiwiri usiku anatisiya." Pamenepo palibe bodza. Pewani mawu akuti "atadwala nthawi yaitali", pakuti ambiri amawamva ngati dzina lina la matenda omwewo. Musanalembe, khalani pansi ndi mwinimbumba kuti iye, amfumu ndi inu mulankhule zofanana, chifukwa mbiri ikanena mutu, wina n'kuimirira kunena malungo, anthu amayamba kunong'onezana.

Mphunzitsi: Ine ndikuona kuti kubisa n'kumene kumalimbikitsa tsankho. Mu 2004 a Bakili Muluzi, ali mtsogoleri wa dziko, ananena poyera kuti mchimwene wawo anamwalira ndi Edzi. Nenani zoona basi.

Namwino wopuma: Aphunzitsi, kumeneko kunali kusankha kwa eniake, pamene pano mayi wamasiye wakana. Kutchula matendawa n'kuululanso za iye amene ali moyo. Achimwene, musasokoneze zinthu ziwiri. Chikalata chimene dokotala amalemba chimayenera kunena zonse molondola ndipo musapemphe kuti asinthe, koma chimenecho si chowerenga pagulu. Chisungeni mu envulopu. Ngati mukufuna kutchula nthenda, nenani kuti anadwala matenda oumitsa khosi, chifukwa ndi amene anawatengadi. Chifuwa chachikulu musachitchule ngati sanadwale nacho. Mwambo ukatha, mufunse alamu anu mwakachetechete ngati iwo ndi ana anayezetsa.

Mayi wa kumudzi: Samalani ndi kukhala chete kwambiri. Ife pamaliro a mchemwali wanga tinangoti "Mulungu watenga", ndipo pasanathe sabata abale anayamba kunena kuti azakhali athu okalamba anamulodza. Mpaka lero sitilankhulana.

Wofunsa: Zikomo nonse. Nditchula matenda oumitsa khosi kuti nkhani ya ufiti isapeze poyambira. Chomwe chikundisowetsabe mtendere ndi mayi athu, omwe sakudziwa kanthu ndipo andifunsa kale kawiri kuti dokotala anati chiyani.