Thandizeni pa laisensi: MIT kapena GPL?

Moni nonse akuluakulu. Ndalemba kapulogalamu ka Python kowerengera katundu wa m'sitolo, ndipo ndimafuna kukatulutsa pa laisensi ya MIT. Koma nditayendetsa `pip-licenses` ndaona kuti PyQt5, imene ndapangira mawindo onse, ili pa GPL v3. Inayo, `requests`, ndi ya Apache 2.0, imeneyo sikundidetsa nkhawa chifukwa imagwirizana ndi GPL v3.

Ndinayesa kusamukira ku PySide6 ya LGPL, koma `pyqtSignal` ili ponseponse m'khodi mwanga, ndatopa nazo. Laisensi yogula ya PyQt ndalama zake ndilibe.

Funso langa ndi ili: ndikamanga ndi PyInstaller n'kugawira anthu fayilo imodzi, pulogalamu yonse ikuyenera kukhala GPL v3? Nanga ndikaika khodi yanga yokha pa GitHub, aliyense azidziikira yekha PyQt5, MIT ingatheke? Amene munadutsamo kale, ndiunikireni chonde.