Anandisiyira kalata ya ntchito, koma mapositi a mtengo wakale akungotuluka okha

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni, tulo sindikutiona. Ndimagwira ntchito pa shopu ina ya zitenje ku Lilongwe, yanga ndi ya pa kauntala. Mtsikana amene ankayendetsa masamba athu a Facebook ndi Instagram wasiya ntchito sabata yatha, ndiye abwana angoti iwe uli ndi foni yabwino, tenga zimenezi. Malipiro sanawonjezere, bandulo ndikugula ndekha, lapitopu ya pa shopu siyaka popanda chaja, komanso mnzanga wa pa kauntala wayamba kundiyang'ana ndi diso lina ngati ndinachita kupempha. Wochokayo anasiya kalata ya mapeji awiri. Analemba kuti Lolemba ndi Lachinayi positi ya katundu 7 koloko m'mawa, Lachitatu kujambula zitenje zatsopano, Lachisanu kutumiza ziwerengero kwa abwana, mauthenga kuyankha m'mawa ndi madzulo. Izi ndikutsatira. Vuto ndi lakuti positi ya Tsiku la Anakubala, imene inayenera kutha pa 15 Okutobala, ikutulukabe ndi mtengo wa K9,000 pomwe chitenje pano ndi K12,000. Yatuluka kawiri ine osaiyika. Dzulo mayi wina anachoka ku Area 25, anandionetsa positiyo pa foni yake, anthu ali pamzere, nkundiuza kuti ndife akuba. Ndikaifufuta, tsiku lake likakwana ikubwera ina. Nditani kuti isiye?

Bambo Chilungamo: Chemwali tsegulani maso, ameneyo akukuchitani chipongwe dala! Anthu akachoka pa ntchito mokwiya amatero. Sinthani mapasiwedi onse usiku uno, mumuchotse pa tsamba, mawa mukadandaule ku polisi. Ine mnyamata wanga wa pa galaja anachoka ndi tsamba la anthu amene ndinawasonkhanitsa zaka zinayi, mpaka lero akugulitsirapo matayala ake.

Mayi a Mapasa: Musanafike pa mapositi, ntchito yowonjezera popanda ndalama mwavomereranji? Ine anandipatsa makiyi a stoo mwa njira yomweyo, chaka chinatha, katundu atasowa anadula malipiro anga.

Mnyamata wa ku Ndirande: Palibe chipongwe apa. Anawakonzeratu mapositiwo asanachoke. Tsegulani Meta Business Suite, mupite pa Planner, muona onse amene akudikira tsiku lawo. Fufutani, nkhani yatha.

Membala wobisa dzina: Achimwene ndayang'anamo kangapo. Mu Planner mulibe kanthu, pa Scheduled palibenso. Nchifukwa chake ndayamba kuopa kuti mwina wina watibera tsamba.

Bambo Chilungamo: Mwaona? Ndanena ine! Akulemba yekha ali kwawo.

Anaphiri a ku Zomba: Bambo dekhani. Munthu wokwiya sangadzuke Lolemba ndi Lachinayi kuti alembe 7 koloko yeniyeni osaphonya mphindi. Ameneyo ndi makina. Achemwali, ine ntchito imeneyi ndaigwira nthawi yaitali ndipo ndasiyirapo anzanga kawiri. Ikatulukanso musathamangire kufufuta. Yang'anani pansi pa dzina la tsamba, pali timawu ta Published by timene mumationa inu oyendetsa tsamba okha, makasitomala sationa. Pakakhala dzina la munthu, ndiye munthu. Pakakhala dzina la pulogalamu, mapositiwo akudikira kunja kwa Facebook, ndipo mu Planner simungawaone mpaka atatuluka. Kodi m'kalatamo sanatchule pulogalamu ina iliyonse? Ndipo inuyo mumalowa bwanji pa tsambalo?

Membala wobisa dzina: Ndinajambula imodzi ndisanafufute, palembedwa Published by Buffer. Ndabwereranso m'kalata, kumapeto kwa peji yachiwiri analembadi kuti "Buffer: lowani ndi imelo yanga." Pasiwedi sanalembe. Ine ndinkaganiza kuti nzosafunika. Pa tsamba ndimalowa ndi akaunti yanga, iye ndi amene anandiyikapo.

Anaphiri a ku Zomba: Imeneyi ndiyo nkhani yonse, mukanayambira pamenepo. Buffer yaulere imasunga mapositi 10 odikira pa tsamba lililonse. Ngati anaidzaza, awiri atuluka, ndiye kuti asanu ndi atatu akhoza kukhala ali m'njira, masabata anayi amenewo. Muimbireni mwaulemu. Alowe mu Buffer, pa makonzedwe a tsamba lanulo asindikize Pause Queue, ndi ntchito ya mphindi ziwiri, achite chimodzimodzi ku Instagram ngati anailumikizanso. Kenako asinthe imelo ya akauntiyo ikhale ya shopu. Musavutike ndi kuyesa kupempha pasiwedi yatsopano, uthenga wake upita ku imelo yake yomweyo.

Bambo Chilungamo: Kumupemphanso munthu woti anachoka? Ulemu wa chiyani? Mungomuchotsa basi, makinawo asiya okha. Mukamunyengerera mawa adzakulipiritsani.

Anaphiri a ku Zomba: Pamenepo mwalondola pang'ono, bambo. Buffer imalemba pa tsamba kudzera mu chilolezo cha amene anailumikiza, akachotsedwa imalephera kutulutsa. Koma amuchotse ndani? Tsamba la Facebook lilibe pasiwedi yakeyake yoti nkusintha, limakhala pa maakaunti a anthu. Wochotsa mnzake ndi yekhayo amene ali ndi full control. Achemwali, lowani ngati tsambalo, mupite pa Settings, Page setup, kenako Page access. Mukapeza kuti simungathe kuwonjezera kapena kuchotsa munthu, anakupatsani mphamvu yolemba ndi kuyankha basi. Ngati mphamvu yonse ili ndi iye yekha, mukamuopseza ndi apolisi nkutseka akaunti yake, tsamba litsala lopanda mwini. Choyamba apereke full control kwa abwana ndi munthu winanso wachiwiri, adzafunsidwa pasiwedi yake ya Facebook potsimikiza, iwo avomere kuitanako. Kumuchotsa kubwere pomaliza.

Wa ku Joni: Ine tsamba langa linatsekedwa nditasintha foni, khodi ya manambala sikisi inkapita ku simu yakale ya kumudzi. Alipo angandibwezeretse? Ndilipira.

Mayi a Mapasa: Achimwene a ku Joni samalani, mwadziitanira mbava mu inibokisi. Koma mwakumbutsa nkhani. Simu ya WhatsApp ya shopuyo inalembetsedwa ndi chiphaso cha ndani? Ikakhala ya mtsikanayo, ikadzatayika ndi iye yekha angakabwezeretse nambala.

Mnyamata wa ku Ndirande: Ine ndikuti Buffer muisiye ndithu. Masamba awiri okha, Meta Business Suite ikukwanira, yaulere, ndipo aliyense wa pa tsamba amaona zimene zikudikira.

Anaphiri a ku Zomba: Ena amaikonda chifukwa ali ndi masamba enanso kunja kwa Facebook ndi Instagram, koma pa shopu iyi sindikutsutsani. Chimene chikundidandaulitsa ndi kalatayo. Inachulutsa za Lolemba ndi Lachitatu, zimene munthu angaphunzire yekha, nkusiya zimene zimatsekera anthu kunja. Pomwe akuyankhabe foni, akuuzeni za akaunti iliyonse: ili pa imelo iti, khodi yolowera imapita ku foni ya ndani, ndipo ndi mapositi ati amene anawasiya akudikira. Instagram ili ndi pasiwedi yake, imeneyo ndiye musinthe, koma nambala yolandirira khodi isinthidwe kaye.

Bambo Chilungamo: Mudzandikumbuka. Wanga uja nayenso ankayankha foni mwaulemu sabata yoyamba.

Membala wobisa dzina: Ndayang'ana pa Page access, sindingathe kuwonjezera munthu. Abwana akuti sakukumbuka ngati alipo pa tsambalo, ati Facebook yawo anaiwala pasiwedi kalekale. Mtsikanayo ndamuimbira kawiri sakuyankha, ndamva kuti ali ku maliro kwawo ku Ntcheu, ndiye ndangomusiyira uthenga wopepesa ndi pempholo. Lero ndi Lachitatu. Mawa 7 koloko ndidzakhala nditagwira foni kuti ndifufute ikangotuluka. Anaphiri, m'malo mofufuta, ndingathe kungosintha mtengo pa positi yomweyo? Koma K9,000 ija inalembedwanso pa chithunzi penipeni.