Mapata 6 a lemonigirasi: tibzale pamjigo kapena tigawane?

Wapampando: Abale, alamu athu ena atipatsa mapata 6 a lemonigirasi, udzu wonunkhira mandimu uja. Komiti ikuti tibzale pamjigo kuti madzi otayika aja azithirira.

Amalume: Mpanda wake uti? Tinasonkha ndalama za mpanda chaka chija, mpaka lero zii.

Aphunzitsi: Pamjigo ayi, a Wapampando. Udzuwu umakonda madzi, inde, koma pamene pali lowe mizu imawola, masamba n'kuyamba chikasu. Tigawane, aliyense akabzale kuseri kwa nyumba, pamene dzuwa limawomba tsiku lonse. Sulira njere. Mumang'amba phata, mphukira iliyonse ichoke ndi mizu yake, n'kudula masamba kutsale masentimita 20. Phando lina ndi linzake zitalikirane pafupifupi mita imodzi, chifukwa phata limatambalala. Ine ndinayamba ndi mphukira 3, m'phando ndinathira manyowa owolerana, milungu iwiri yoyamba ndinkathirira tsiku ndi tsiku. Pakutha miyezi 4 ndinali nditayamba kudula masamba.

Mayi Msungichuma: Amalume, buku lija ndinalilandira lilibe tsamba la mpanda. Dzina langa musaliipitse chonde.

Azakhali: Bola ubwere msanga. Mdzukulu wanga atatentha thupi ndinauwiritsa kwambiri mpaka madzi kuda, anatuluka thukuta, kutacha malungo atha.

Aphunzitsi: Kuwiritsa kotero n'kutaya mankhwala, Azakhali. Fungo lija ndi mafuta, amathawa ndi nthunzi. Tsukani masamba awiri kapena atatu, muduledule, muthire madzi owira kapu imodzi, muvundikire mphindi 10. Musefe bwino, masamba ake amacheka. Mukamva kudzimbidwa kapena mpweya m'mimba, imwani mukatha kudya.

Anamwino: Azakhali, mawu akuti "malungo atha" andiopsa. Tiyiyu amatulutsa thukuta n'kubwezeretsa madzi m'thupi, koma tizilombo ta malungo sapha. Thupi likhoza kuzizira tizilombo tikuswanabe m'magazi. Mwana akatentha thupi akayezetse magazi tsiku lomwelo. Akamasanza chilichonse, kukomoka kapena kulefuka, musataye nthawi ndi moto. Amayi oyembekezera asamwe ngati mankhwala.

Azakhali: Ndiye mukuti ndikanapha mdzukulu wanga?

Anamwino: Ayi mayi, ndikuti mupite naye akamuyeze ngakhale lero.

Achimwene a kutauni: Wothamangitsa udzudzu uja si womwewu? Ndili nawo pakhonde.

Aphunzitsi: Onani kutsinde, achimwene. Ngati n'kofiirira ndipo fungo lake n'laukali ngati sopo, ameneyo ndi sitironela, musamwe. Wathuwu kutsinde n'koyererako, konenepa.

Amalume: Kugawana ndavomera, koma agawe ndani? Omwe aja anagawa mbande za mitengo, ife osaona ndi imodzi yomwe?

Wapampando: Mapatawo ali m'thumba chibwerere Lachiwiri, mizu yayamba kuuma. Tigwirizane lero.

Amalume: Liyambe labwera buku.