Funso: ndiwafotokozere bwanji alimi kuti kagalu kamafunika kubayidwa katatu?

Mlimi wachitsanzo, Ntcheu: Moni nonse a pa gulu. Loweruka likubwerali amfumu aitanitsa msonkhano wa alimi, ndipo alangizi a ziweto andipempha kuti ndiyankhuleko za katemera wa tiana ta agalu ndi amphaka, poti iwo adzakhala kwina. Za chitopa ndimatha kufotokoza, koma izi zikundivuta. Kuno anthu amadziwa katemera wa chiwewe yekha, waulere uja. Alangizi anandiuza mwachangu kuti kagalu kabayidwe pa masabata 8, 12 ndi 16 chifukwa cha "chitetezo cha kwa mayi". Ndiye ndikudziwa kale zomwe adzandifunse. Bambo wina mlenje anabayitsa kagalu kake kali ndi masabata 7, patatha mwezi kanayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba zamagazi, kanafa. Mpaka lero akuuza aliyense kuti jakisoniyo ndi amene anapha. Ndimuyankhe chiyani? Nanga wopanda ndalama ya majakisoni atatu atani?

Mayi wa ku Area 25: Ngati make anabayidwa, ana safunika katemera. Amayamwira mu mkaka. Ife galu wathu waswa kangapo, sitinabayitsepo ana ndipo onse anakula.

Dotolo wa ziweto, Lilongwe: Mayi a ku 25, theka la zomwe mwanenazo ndi zoona, ndipo ndi pomwe achimwene a ku Ntcheu ayambire. Kagalu kamabadwa ndi chitetezo chochepa kwambiri, chifukwa kudzera m'mimba mwa make mumadutsa asilikali a m'thupi ochepa okha. Ambiri kamawapeza mu mkaka woyamba wachikasu uja. Matumbo ake amatha kuwalowetsa m'magazi tsiku loyamba lokha, makamaka maola 12 oyambirira. Likadutsa tsikulo njira yatsekeka, mkaka umangokhala chakudya.

Koma asilikaliwo ndi obwereka. Thupi la kagalu silikuwapanga, ndiye amangotha, pafupifupi theka pa masiku 10 alionse. Komanso sasiyanitsa. Katemera wa pavo ndi disitempa, matenda oopsa a agalu, amakhala kachilombo komweko koma kofooketsedwa, koti thupi likaone n'kuphunzira kupanga asilikali akeake. Obwerekawo akakhala ambiri amakagwira n'kukathetsa thupi lisanaphunzire kanthu. Mwalipira, jakisoni walowa, koma palibe chimene chatsala.

Choopsa chili apa: imafika nthawi yoti asilikali a mayi achepa moti sangathe kuletsa pavo weniweni wa pabwalo, koma akadali okwanira kulepheretsa katemera. Kwa tiagalu tambiri chitetezo cha mayi chimakhala chitazirala pakati pa masabata 8 ndi 12, koma kwa tina chimakakamira mpaka cha m'ma 14 kapena 16. Ndi maso simungadziwe kuti kanu kali gulu liti.

Mlimi wachitsanzo, Ntcheu: Zikomo adokotala. Ndiye kuti majakisoni atatuwo sikuti akuwonjezerana mphamvu ngati kumaliza mankhwala a malungo?

Dotolo wa ziweto, Lilongwe: Ayi, ndipo apa anthu ambiri amasokoneza. Kwa pavo ndi disitempa, jakisoni mmodzi amene wagwira amakwana kuyambitsa chitetezo. Timabwereza chifukwa sitikudziwa kuti agwire ndi uti.

Pa msonkhanopo mugwiritse ntchito kalendala. Tinene kuti galu waswa pa 1 Juni, ana asanu ndi mmodzi. Kamodzi n'kamphamvu, kanakankha anzake n'kuyamwa kwambiri tsiku loyamba. Kena n'kotsiriza kubadwa, kofooka, kanayamwa pang'ono mochedwa. Pa 27 Julayi akwanitsa masabata 8, mwabaya onse. Kofooka kaja asilikali a mayi anakathera kale, ndiye katemera wagwira, ndipo mukadadikira kakadakhala pambalambanda. Kamphamvu kaja katemera wapita pachabe. Pa 24 Ogasiti, masabata 12, mwabayanso: ambiri a ana aja tsopano wawagwira. Pa 21 Sepitembala, masabata 16, mwabaya komaliza, ndipo uyu ndiye wogwira ngakhale kamphamvu kaja. Wotsirizayu asabayidwe masabata 16 asanakwane. Kenako mudzabwereza kamodzi pakati pa miyezi 6 ndi chaka.

Za bambo mlenjeyo: kagalu kodwala patatha mwezi sikanaphedwe ndi jakisoni. Chooneka kwambiri n'chakuti pa masabata 7 chitetezo cha make chinalepheretsa katemerayo, kenako chinatha, pavo n'kukapeza kopanda kanthu. Kusanza, kukana chakudya, chimbudzi chamadzi chamagazi chonunkha kwambiri, nthawi zambiri ndi pavo ameneyo. Musawachititse manyazi pagulu bambowo. Anachita bwino kubayitsa, chimene sanauzidwe n'chakuti abwererenso.

Wogulitsa mankhwala a ziweto, Mzuzu: Adokotala aiwala chimodzi. Mwina katemerayo anali wakufa kale. Amayenera kukhala mu furiji pa madigiri 2 mpaka 8, osaumitsa, ndipo mukasakaniza ufa uja ndi madzi ake mubaye mkati mwa ola limodzi. Ndimaona anthu akugula, kuponya m'thumba la malaya, kukwera minibasi dzuwa likuswa mtengo, kukabaya madzulo. Ena amagawa botolo limodzi kwa tiagalu titatu ati n'tating'ono. Mlingo ndi botolo lonse kwa galu mmodzi, kaya ndi wamkulu kaya kamwana. Muwauze kuti wobaya akabwera opanda kulabokosi, amubweze.

Dotolo wa ziweto, Lilongwe: Zoona zimenezo, n'zothekanso.

Mnyamata wa ku Bangwe: Bwana ingowauzani azithira dontho m'diso miyezi inayi iliyonse, zimagwira kwabasi, kwathu sizikufanso.

Mayi woweta mbuzi, Salima: Achimwene a ku Bangwe, ameneyo ndi wa chitopa, wa nkhuku. Tikukamba za agalu kuno. Ine langa ndi ili: kumudzi ndani amalemba tsiku lomwe galu waswa? Kagalu umangopatsidwa ndi mnansi, kena wagula pamsewu. Masabata 16 mukuwanenawo tiwawerenga bwanji?

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito: Amayi, tsegulani kukamwa kwa kagaluko. Maso amatseguka pa masiku 10 mpaka 14. Timano toyamba, tosongoka ngati singano, timatuluka cha m'masabata atatu kapena anayi, ndipo pofika masabata 8 timakhala titakwana. Mukaona timano tating'ono takutsogolo tayamba kugweruka, m'malo mwake mukutuluka ena okulirapo, kagaluko kali cha pa miyezi inayi. Ndi chizindikiro chomwe ine ndinkaphunzitsa alimi, ndipo ankachigwira msanga kuposa masiku a pakalendala. Achimwene a ku Ntcheu, pezani kagalu kamodzi mupite nako ku msonkhanoko, anthu aone okha m'kamwamo. Muwakumbutsenso za njoka za m'mimba. Mankhwala ake amayamba pa masabata awiri, kubwereza pakatha masabata awiri alionse mpaka masabata 8. Kagalu kotupa mimba, kowonda, kodwaladwala, kayambe kathandizidwa kaye. Chodwala sitibaya katemera.

Mlimi wachitsanzo, Ntcheu: Za manozi ndazilemba. Koma funso langa lachiwiri lija silinayankhidwe. Munthu ali ndi ndalama ya jakisoni mmodzi basi. Abaye liti?

Dotolo wa ziweto, Lilongwe: Ngati ndi mmodzi yekha, akhale wa pa masabata 16 kapena kupitirira pang'ono, poti ndi amene tili ndi chikhulupiriro kuti agwira. Koma mpaka tsikulo kagaluko kakhale pakhomo, kasapite kumsika kapena kutsatira agalu ena kuuzimba. Ndipo ngati pakhomopo panafera kagalu ka pavo, musabweretsepo kena kosabayidwa. Kachilomboko kamakhala m'dothi miyezi yambiri, mwina mpaka chaka. Pasimenti ndi mbale mutha kutsuka ndi jiki, gawo limodzi ku magawo 30 a madzi, mutachotsa kaye zonyansazo. Padothi jiki sathandiza kwenikweni. Kagalu kakabayidwa, kapatseni sabata imodzi kapena awiri, chitetezo sichibwera tsiku lomwelo.

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito: Adokotala, apa ndiye sindikugwirizana nanu kwenikweni. "Kakhale pakhomo" ndi mawu a m'tauni komwe kuli mipanda. Kumudzi kagalu ka miyezi iwiri kamayendera makomo onse, agalu a eni ake amabweranso kudzanunkhiza pamtondo. Kudikira mpaka miyezi inayi tambiri tidzafa tisanafikeko. Ine ndikadasankha masabata 12. Komanso agalu ambiri akumudzi sanabayidwepo, ndiye ana awo chitetezo choti chilepheretse katemera achitenga kuti?

Dotolo wa ziweto, Lilongwe: Bambo, galu wamkazi wakumudzi amene wakula mpaka kuswa, nthawi zambiri anakumanapo ndi pavo n'kupulumuka, ndipo wotereyo amakhala ndi asilikali ambiri zedi mu mkaka. Kusabayidwa sikutanthauza kuti alibe chopatsa ana. Koma za mipandazo mukunena zoona. Njira yapakati ndi awiri: mmodzi cha pa masabata 9 kapena 10, wina pa 16.

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito: Funso linali la mmodzi. Ine ndikadali pa 12.

Mayi wa ku Area 25: Nanga amphaka bwanji? Palibe wanenapo.

Dotolo wa ziweto, Lilongwe: Nkhani ya mkaka woyamba ndi yomweyo, masabata ndi omwewo, 8, 12 ndi 16. Katemera wawo ndi wina, woteteza ku chimfine cha amphaka ndi matenda ena otsegula m'mimba, achibale a pavo, omwe amatha kupululutsa ana onse m'masiku ochepa. Wa agalu wophatikiza uja musabaye mphaka. Mphaka wapakati asabayidwenso wa kachilombo kofooketsedwa, chifukwa angawononge ubongo wa ana, n'kubadwa oyenda dzandidzandi. Kunena zoona, wa amphaka kunja kwa matauni amavuta kwambiri kumupeza, ndiye pa msonkhano musatayepo nthawi yambiri. Chimene mutsindike ndi chiwewe, poti mphaka nayenso amadwala ndipo amagona pafupi ndi ana.

Mayi woweta mbuzi, Salima: Pa chiwewe pomwepo ndasokonezeka. Papepala la katemera akuti kuyambira miyezi itatu, koma obaya aulere atabwera kwathu anabaya ndi tating'ono tomwe.

Dotolo wa ziweto, Lilongwe: Sanalakwitse. Pa ndondomeko ya galu mmodzi, wa chiwewe ndi pa masabata 12, kubwereza pakatha chaka. Koma pa kampeni, malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse ndi oti abayidwe onse, ngakhale osakwana miyezi itatu, chifukwa obayawo mwina sabweranso mpaka chaka chamawa, ndipo cholinga n'kufikira agalu 70 pa 100 alionse kuti chiwewe chisiye kuyenda. Tiagalu n'timenenso ana amakonda kusewera nato. Kobayidwa kali kakang'ono kadzabayidwenso kakakwanitsa miyezi itatu. Achimwene a ku Ntcheu, musaiwale kunena kuti wa chiwewe sateteza ku pavo, anthu ambiri amaganiza kuti jakisoni ndi jakisoni basi. Ndipo wolumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kolumako kakhale kagalu kakang'ono.

Mlimi wachitsanzo, Ntcheu: Mwandithandiza nonse. Kagalu kokaonetsa mano ndakapeza kale kwa alamu anga. Za jakisoni mmodzizo ndikanena zonse ziwiri, 12 ndi 16, ndipo ndiwafunsanso alangizi athu. Tsopano chatsala ndi ichi: ngati alimi khumi atasonkha ndalama, kodi alipo amene anayesapo kuitanitsa katemera wa pavo pamodzi kuti wobaya abwere kamodzi ndi kulabokosi? Munakonza bwanji poti tiagaluto timasiyana misinkhu?